Lipoti la Ntchito Yokonza M'kati mwa Saluni Yaing'ono ku Kawale: Momwe Tinalembera Mawu Ofotokozera Chithunzi

Lipoti lino likunena za saluni ya amayi imene ndinathandiza kukonza ku Kawale mumzinda wa Lilongwe, ndipo mbali yaikulu ikukhudza mawu amene timalemba pa kompyuta kuti pulogalamu yopanga zithunzi itijambulire momwe chipinda chidzaonekere chikatha. Mawu otere anzathu pantchitoyi amawatcha pulomputi. Ine ndimawagwiritsa ntchito chifukwa eni malo ambiri savutika kuona chithunzi, koma pulani yojambulidwa ndi mizere yokhayokha imawasiya osadziwa chimene akuvomereza. Chimene ntchito iyi inandiphunzitsa ndi chakuti pulomputi iyenera kulembedwa munthu atayeza kale chipinda ndi kuona momwe ntchito imayendera m'menemo, chifukwa ikalembedwa poyambirira imabala chithunzi chokongola cha chipinda chimene kulibe.

Mayi mwini saluni anapeza malo a lendi pa mzere wa mashopu. Chipindacho n'chotalika mamita 6 kuchokera kukhomo kufika kukhoma lakumbuyo, m'lifupi ndi mamita 3.6, ndipo siling'i ili pa mamita 2.7. Kutsogolo, kumene kwayang'ana kumadzulo, kuli chitseko cha masentimita 90 chakumanzere ndi zenera la mamita 1.8 chakumanja. Zenera lina kulibe. Paipi ya madzi ndi potulukira madzi oipa zili pa ngodya yakumbuyo chakumanja, ndipo mwini nyumba ananeneratu kuti salola kuswa khoma kapena kukumba pansi kupitirira pamene mapaipi ali kale. Mayiwo ankafuna mipando inayi yogwirirapo ntchito, kauntala yolandirira ndalama pakhomo, ndi makoma a pinki.

Kulakwa koyamba kunali kwanga. Tsiku limene tinakumana, ndisanatulutse n'komwe tepi yoyezera, ndinafuna kuwaonetsa mayiwo momwe njira iyi imagwirira ntchito, ndipo ndinalemba mzere umodzi wokha. Ndimalemba m'Chingerezi chifukwa mapulogalamu amene ndimagwiritsa ntchito amatsatira bwino chilankhulo chimenecho kusiyana ndi Chichewa.

```
modern luxury hair salon interior, pink and gold
```

Chimene chinatuluka chinali chipinda chachikulu, cha mazenera aatali mbali ziwiri, pansi ponyezimira ngati madzi, mipando inayi yotalikirana bwino ndi nyali zachikasu zolendewera. Mayiwo anachikonda nthawi yomweyo ndipo anachitumiza kwa achibale awo. Kuyambira pamenepo, chilichonse chimene ndinkanena chinkamveka ngati ndikuwalanda chinthu chimene anali nacho kale. Pulogalamu sinalakwitse kanthu, chifukwa pamene sitinaiuze kukula kwa chipinda inasankha yokha kukula kumene kumapezeka kawirikawiri m'zithunzi za masaluni apamwamba, ndipo pamene sitinaiuze ntchito yochitika m'menemo inajambula saluni yometa ndi kuumitsa tsitsi, mmene wogwira ntchito mmodzi amaima kumbuyo kwa kasitomala kwa kanthawi kochepa.

Ndinapempha kukhala tsiku limodzi pamalo akale pamene mayiwo ankagwirira ntchito, kuti ndione ndi maso anga. Ntchito yawo yaikulu ndi yoluka tsitsi ndi meshi, ndipo mutu umodzi ukhoza kutenga maola anayi, asanu kapena kuposa. Nthawi zambiri oluka amakhala awiri pa mutu umodzi, wina kumanja wina kumanzere, ndipo wachitatu amabwera kudzathandiza kumaliza nsonga. Kasitomala sayang'ana pagalasi nthawi yonseyi, amakhala pa foni yake kapena akucheza. Zimenezi zimasintha kayalidwe ka chipinda kotheratu. Mpando uli ndi masentimita 60 m'lifupi, ndipo woluka aliyense amafuna masentimita ena 60 oimapo ndi kutambasulirapo chigongono pokoka meshi, motero malo amodzi olukirapo amadya mamita 1.8 a khoma. Mipando inayi ikanafuna mamita 7.2 pa khoma la mamita 6. Itatu ikanadya mamita 5.4 n'kusiya masentimita 60 okha, osakwanira n'komwe beseni lotsukira tsitsi. Iwiri ikudya mamita 3.6 ndi kusiya mamita 2.4 a kotsukira ndi kosungira katundu.

Kuwerengera kwa m'lifupi ndiko kunatseka nkhani yoika mipando mbali zonse ziwiri. Kuchokera pa khoma lamanja, kashelefu ka pansi pa galasi katenga masentimita 25, mawondo a kasitomala masentimita 45, mpando masentimita 60, ndipo woima kumbuyo kwa mpando masentimita 70. Zonsezi pamodzi ndi mamita 2. Njira yodutsamo siyenera kuchepera masentimita 90, makamaka m'malo mmene anthu amadutsa atanyamula ketulo ya madzi otentha, ndipo zikatero patsala masentimita 70 okha kufika pa khoma lamanzere. M'malo amenewo mukukwana benchi ya masentimita 45 ndi mawondo a okhalapo, basi. Sindinawafotokozere mayiwo ndi pepala. Tinapita kuchipinda chopanda kanthu ndi choko, tinajambula pansi mipando inayi ya m'chithunzi chija, ndipo ndinapempha atsikana awo awiri kuti aime pamene angaime poluka. Anagundana zigongono asanayambe n'komwe kuyerekeza kukoka meshi, ndipo mayiwo anadzifufutira okha mipando iwiri ndi phazi. Kuti asataye malo a ndalama, tinagwirizana kuti kumapeto kwa benchi tiike dulaya yovala kumutu yokhomerera pakhoma, kuti munthu woumitsa tsitsi asatsekereze mpando wolukira. Kauntala tinaichotsa, ndipo m'malo mwake tinaika dirowa yokiya pa kabati yakumbuyo.

Apa ndi pamene ndinalemba pulomputi yeniyeni. Ndinayamba kuilemba m'Chichewa pamodzi ndi mayiwo, chiganizo ndi chiganizo, kuti pasakhale chinthu cholowa m'chithunzi chimene iwo sanachimve. Dongosolo limene ndimatsata ndi lakuti ndiyambe ndi chipinda chenicheni ndi pamene woonera waima, kenako ntchito yochitika m'menemo, kenako mipando ndi malo ake, kenako zipangizo, ndipo pomaliza kuwala. Ndimayamba ndi chipinda chifukwa ndaona kuti mawu oyambirira ndi amene pulogalamu imawamvera kwambiri, ndipo mawu a kukongola akatsogola amameza zonse zobwera pambuyo.

```
Narrow rented shop, long and low, seen from the front door at eye level.
Daylight from one front window behind the viewer. Plain solid side walls.
African hair braiding salon. Right wall: two low chairs set far apart,
a mirror and slim pine shelf at each. Left wall: one long pine bench,
wall-mounted hood dryer at its far end. Back right corner: one wash basin.
Matt grey floor tiles, off-white walls, dusty pink back wall only.
Two rows of LED battens, neutral white light.
```

Pali zinthu zingapo m'mawu amenewa zimene ndinazifika nditayesa kangapo. Poyamba ndinalembamo manambala a muyeso, mamita 3.6 ndi mamita 6, koma zithunzi zinkatuluka ndi chipinda chofanana mbali zonse, chifukwa mapulogalamu otere sayeza kanthu, amangofananiza mawu ndi maonekedwe. Mawu akuti chipinda n'chopapatiza, chachitali ndi chotsika anagwira ntchito kuposa manambala. Chachiwiri, nditalemba kuti kusakhale mazenera m'mbali, mazenera anaonekabe, mwina chifukwa liwu lakuti zenera linali litatchulidwa kale. Nditasintha n'kunena chimene chilipo, kuti makoma a m'mbali ndi athunthu opanda kanthu, mazenera anachoka. Kuyambira pamenepo ndimayesetsa kutchula chimene ndikufuna m'malo motchula chimene sindikufuna. Chachitatu, mawu onena za ulemerero ndi golide ndinawachotseratu, chifukwa ndi amene ankabweretsa miyala yodula, nyali zolendewera ndi siling'i yaitali.

Ngakhale ndi pulomputi yabwino, chithunzi chimanama, ndipo munthu ayenera kudziwa pokayang'ana. Njira yanga yoyamba ndi kuwerenga matailosi. Tinasankha matailosi a masentimita 60 mbali zonse, choncho m'lifupi mwa chipinda muyenera kukwana asanu ndi limodzi ndipo m'litali khumi. Chithunzi chikaonetsa matailosi asanu ndi anayi kuchokera pa khoma lina kufika pa linzake, ndiye kuti chakulitsa chipinda ndi theka, ndipo mpata wonse umene ukuoneka pakati pa mpando ndi benchi ndi wabodza. Njira yachiwiri ndi kuyang'ana beseni ngati lili pa ngodya ya mapaipi, chifukwa pulogalamu imakonda kuliika pakati pa chipinda pamene likuoneka bwino. Yachitatu ndi kuyang'ana mithunzi, kuti kuwala kukuchokera kumene kuli zenera ndi nyali zathu kapena kwina kosadziwika. Mwa zithunzi khumi ndi ziwiri zimene ndinatulutsa, zitatu zokha ndi zimene zinapambana mayeso amenewa, ndipo ndi zokhazo zimene ndinawaonetsa mayiwo. Pa chilichonse ndinalemba kuti ndi cha mitundu ndi maonekedwe okha, ndipo kalipentala ndi pulambala analandira pulani ya miyeso, osati chithunzi.

Pa zipangizo, pulomputi ndimailemba ndi zinthu zokhazo zimene ndikudziwa kuti mmisiri wathu angazipeze ndi kuzigwira. Ndikatchula matabwa osanena mtundu, chithunzi chimatulutsa mitengo yakuda yodula, ndipo mwini malo amakhumudwa akaona paini. N'chifukwa chake ndinalemba paini m'mawu momwemo, kuti mtundu wake woyererako uoneke kuyambira pachiyambi. Paini wake anayenera kukhala wouma bwino, chifukwa thabwa laliwisi limapindika likakhomedwa kale ndipo benchi imayamba kugwedezeka. Kabati yakotsukira mayiwo ankafuna ya bolodi ya utuchi wopanikiza, imene imaoneka yosalala ikapentedwa, koma bolodi yotero ikamwa madzi m'mphepete imatupa ndipo sibwereranso. Tinagwiritsa ntchito pulayiwudi yomata fomaika, yoima pa miyendo yachitsulo ya masentimita 10 kuti chokolopera chisaikhudze. Bolodi imodzi imabwera ya mamilimita 2440 m'litali ndi 1220 m'lifupi, choncho ndinajambula kabati ya mamita 1.2 kuti tisataye zidutswa zambiri.

Matailosi onyezimira a m'chithunzi choyamba ndinawakana mwamphamvu, ndipo apa sindinalole kunyengerera. Mu saluni yoluka mumagwa tizidutswa ta meshi, mafuta opopera m'mutu ndi madzi, ndipo zitatuzi zikakumana pa tailosi yonyezimira munthu amaterereka, mwina atanyamula madzi otentha. Tinasankha osanyezimira, otuwa pang'ono, ndi simenti ya m'mizere yoderako, chifukwa fumbi lofiira la Lilongwe la m'miyezi ya Ogasiti mpaka Okutobala limadetsa mizere yoyera pa sabata imodzi yokha.

Za pinki tinakambirana nthawi yaitali. Khoma limabweza kuwala kokhala ndi mtundu wake, ndipo khoma la pinki pafupi ndi galasi limapaka mtundu umenewo pa nkhope ya kasitomala ndi pa meshi, kotero kuti mtundu wa meshi umene wasankha m'kati umaoneka wina akatuluka panja. Apa chithunzi chinandithandiza kwenikweni, chifukwa ndinatulutsa zithunzi ziwiri ndi mawu omwewo, ndikusintha mzere umodzi wokha wa makoma. Mayiwo ataziika pafupi anasankha okha kuti pinki akhale pa khoma lakumbuyo, limene munthu amaliona akalowa pakhomo, ndipo makoma a m'mbali akhale oyera oderako pang'ono, a penti yotsukika. Kusintha chinthu chimodzi panthawi imodzi ndiyo njira yokha imene ndapeza yoti mwini malo adziwe chimene akusankha.

Kuwala ndi kumene chithunzi sichingathandize konse pa kuchuluka kwake, chifukwa chithunzi chilichonse chimatuluka chowala bwino ngakhale mutajambulidwa babu limodzi. Tsitsi lakuda limameza kuwala, ndipo woluka ayenera kuona mzere wopyapyala wa khungu pamene akugawa tsitsi, kwa maola ambiri. Ndinawerengera motere. Pansi pa chipinda ndi masikweya mita 21.6. Malumeni ndi muyeso wa kuchuluka kwa kuwala, ndipo malakisi ndi malumeni ofika pa sikweya mita iliyonse. Kuti ponseponse pakhale malakisi 300, pafunika malumeni 6,480 ofika pansi, koma chifukwa pafupifupi theka la kuwala limatayika m'makoma, pa siling'i ndi pa fumbi lokhala pa nyali, nyalizo ziyenera kutulutsa malumeni pafupifupi 13,000. Nyali yaitali ya mamita 1.2 ya mawati 18 imene tinapeza inalembedwa malumeni 1,800, choncho zinafunika pafupifupi zisanu ndi ziwiri. Tinaika zisanu ndi imodzi pa siling'i, ndipo kuwala kotsala kunachokera ku nyali zinayi zoimirira m'mbali mwa magalasi awiri aja, zimene zinakwezanso kuwala pa mipando yolukira kufika pafupi ndi malakisi 500 amene ndinkafuna pamenepo.

Poika nyali ndi pofunika mofanana ndi kuchuluka kwake. Mzere umodzi wa pakati pa siling'i, umene wamagetsi anafuna kuika chifukwa ndi wosavuta, ukanakhala kumbuyo kwa woluka, ndipo mutu wake ukanaponya mthunzi pamene manja ake akugwira. Tinaika mizere iwiri ya nyali zitatuzitatu, wina pa masentimita 60 kuchokera pa khoma lamanja ndipo wina pa mamita 2, kuti mutu wa kasitomala ukhale pakati pa mizereyo ndi kulandira kuwala kutsogolo ndi kumbuyo. Nyali za m'mbali mwa galasi zinakhala pa msinkhu wa nkhope ya munthu wokhala pansi, chifukwa nyali ya pamwamba pa galasi imasiya mithunzi pansi pa maso ndi pa chibwano, ndipo kasitomala amadziona wotopa pa nthawi imene akuyenera kukondwera ndi ntchito. Mtundu wa kuwala umayezedwa ndi makeluvini, ndipo tinasankha kuwala koyera kwa makeluvini 4000. Kwachikasu kwa makeluvini 3000 kumafiiritsa mitundu ya meshi, ndipo kwa makeluvini 6500, kumene kuli kofala m'mashopu, kumatuwitsa khungu. Pa bokosi tinayang'ananso nambala ya CRI, yosonyeza momwe nyali imaonetsera mitundu moona, ndipo za pagalasi tinafuna zofika 90.

Zenera lakumadzulo linali ndi ubwino ndi vuto lake. Ubwino wake ndi wakuti magetsi akathima kuluka kumapitirira, chifukwa mipando yonse iwiri ili m'mamita 3.6 oyambirira ndipo kuwala kwa dzuwa kumaifika chammbali. Vuto lake ndi dzuwa la masana likapendeka, limene limalowa molunjika ndi kutentha wokhala pa mpando woyamba. Katani yopyapyala yoyera inathetsa zimenezi popanda kudetsa chipinda. Magalasi ali pa khoma la m'mbali, choncho sabweza dzuwa m'maso mwa munthu monga zikanakhalira akanayang'anizana ndi zenera.

Chithunzi sichionetsa masoketi, ndipo mwini malo akachitsatira yekha amadzagula ekisitenshoni imodzi ya zonse. Pulagi ya maampu 13 pa mavoti 230 imanyamula mawati 2,990, pamene madulaya awiri a m'manja a mawati 2,000 iliyonse akufuna mawati 4,000. Fyuzi imapsa, ndipo choopsa n'chakuti anthu ena amailumikiza ndi waya, zikatero ekisitenshoni imatentha mpaka kusungunuka. Tinaika soketi yakeyake pa mpando uliwonse ndi ina ya dulaya yapakhoma, zonse kutali ndi beseni, ndipo wamagetsi anaonetsetsa kuti waya wochokera ku bokosi la magetsi angapirire zonse zikayaka pamodzi.

Patatha miyezi itatu saluni itatsegulidwa ndinabwerera kukaona. Kayalidwe kakugwira monga tinayezera, ndipo oluka atatu amakwana pa mutu umodzi popanda kutseka njira. Koma ndinapeza zinthu ziwiri zimene ndinaphonya, ndipo zonse ndi zosaoneka m'chithunzi. Choyamba ndi mpweya. Chipinda cha khomo ndi zenera mbali imodzi sichidutsa mphepo, ndipo fungo la mankhwala ofewetsa tsitsi pamodzi ndi kutentha kwa dulaya zinkaunjikana kumbuyo, mpaka wotsuka tsitsi ankadandaula mutu masana. Tinapempha mwini nyumba, amene analola kaboo kamodzi pamwamba pa khoma lakumbuyo, ndipo tinaikapo fani yokoka mpweya kupita kunja. Chachiwiri ndi ketulo. Ndinaiona ndithu tsiku lija ndinakhala nawo, ndipo ndinaiwerengera pa kukula kwa njira, koma sindinaipatse malo ake okhala, ngakhale nsonga za meshi amaziviika m'madzi otentha pafupifupi pa mutu uliwonse. Ndinaipeza ili pansi pafupi ndi benchi, pamene ana obwera ndi amayi awo amakhala. Kalipentala anakhoma shelefu ya mlomo wotchinga pambali pa kabati yakumbuyo, pa mita imodzi kuchokera pansi, ndipo wamagetsi anawonjezera soketi pamwamba pake, mbali yotalikirana ndi beseni. Pa pepala limene ndimadzaza ndisanalembe pulomputi ya saluni, pansi pa mafunso a mapaipi ndi mazenera, tsopano pali mafunso awiri ena, lakuti mpweya utulukira kuti ndi lakuti madzi otentha aphikira pati.